Ndime imene abwana ankafuna ndifufute

Ku bungwe lathu la alimi a mpunga ku Liwaladzi, munthu akalembedwa ntchito, womulandira ndimakhala ine. Abwana amasaina kalata yomulemba ntchito, koma imelo yomuuza kuti abwere bwanji, atsikire pati, atenge chiyani, imachokera pa desiki yanga. Anzanga amandiseka kuti maimelo angawo ndi otalika ngati ulaliki wa pa Pasaka. Aseke. Chiyambireni, palibe munthu wanga amene anasochera kapena kugona pa siteji.

Chaka chimenecho tinkafuna mlangizi woyendera alimi m'madimba, ndipo amene anapambana mayeso anali mtsikana wa ku Mulanje, wongomaliza kumene sukulu ya zaulimi. Ine sindinamuone, mayesowo anachitikira ku Lilongwe. Abwana anangobwera ndi fayilo n'kuiponya pa desiki. "Uyu ndi wanzeru kwambiri. Ayambe Lolemba la sabata yamawa. Mulembereni zanu zija."

Ndisanatumize imelo ndimayamba ndaimba foni, chifukwa adiresi ya pa pepala nthawi zina imakhala yakalekale, mwini wake anaiwala ndi pasiwedi yomwe. Nditamuimbira mtsikanayo, anayankha mwaulemu, mawu ake otsika. Tili mkati motsimikizira adiresiyo, kamwana kanayamba kulira, pafupi penipeni ndi foni. Kanali kulira kwa khanda lanjala, kosadukiza. Mtsikanayo anasiya mawu panjira, ndinamva chitseko chikutsekedwa, kenako anabwerera akupuma mofulumira.

"Pepani amayi, ndi wa aneba."

Ine sindinafunse kuti ndi wa yani. Ndinangoti palibe kanthu, n'kudula. Koma ndalera ana, ndipo ndikudziwa kuti mwana wa aneba akalira, mpweya wa munthu susintha choncho.

Ndinakhala pa desikipo mtima ukundiwawa. Ndinkadziwa zimene mtsikanayo ankaganiza, chifukwa inenso ndinaziganizapo. Pamene ndinkayamba ntchito yanga yoyamba ku boma, mwana wanga wachisamba anali asanayambe kukwawa. Aliyense anandiuza kuti ndikangonena, ntchito ipita kwa wina. Ndinamusiya kwa amayi ku Mwadzama, akumwa phala nthawi yake isanakwane. Sabata yoyamba ndinkakhala mu ofesi nditapinda manja pachifuwa kubisa bulauzi yonyowa, ndipo mwanayo anawonda mpaka ndinamuona maso okhaokha. Anachira, lero ndi bambo wa ndevu zake, koma ine chaka chimenecho sindinachikhululukire.

Kumufunsa mtsikanayo mwachindunji sikukanatheka. Ofesi sifunsa munthu za ana ake ngati kuti ntchito yadalira pamenepo, ndiponso ndikanangomuopseza, akanakana mpaka kulumbira. Chimene ndinali nacho m'manja ndi imelo basi.

Ndinailemba m'Chingerezi monga mwa ntchito, koma zimene inanena ndi izi. Poyamba ndinamuyamikira, n'kumuuza kuti tikumudikira ndi chimwemwe. Ntchito imayamba hafu seveni, koma abwere Lamlungu kuti apume. Akafika pa boma lathu kuno akwere minibasi yopita ku Dwangwa, auze kondakitala kuti atsikira pa Liwaladzi, ndipo asadalire kuti kondakitalayo akumbukira, azikumbutsa. Pa siteji adzapeza ine, nambala yanga ndi iyi. Atenge chiphaso cha unzika, masatifiketi enieni pamodzi ndi mafotokope ake, nambala ya akaunti ya ku banki, ndi dzina la wachibale amene tingamuimbire pakagwa vuto. Popeza inali nyengo ya dzinja, ndinamuuza kuti nsapato zokongola asungire Lamlungu, majombo tidzamupatsa, angonditumizira saizi ya phazi. Chitenje chisasowe m'chikwama, chifukwa kuno ukhoza kunyamuka kupita kumunda n'kuthera pamaliro. Neti ya udzudzu asaiwale. Tsiku loyamba adzalemba mafomu, adzaona chigayo ndi nyumba yosungiramo mpunga, ndipo masana adzakumana ndi akomiti.

Pakati pa nkhani ya chakudya cha masana ndi nkhani ya nyumba ndinaikapo ndime ina, yolembedwa mopanda mkokomo, ngati ya majombo yomwe ija. Ndinati: "Ngati muli ndi mwana woyamwa, bwerani naye. Malamulo a ntchito amapatsa mayi nthawi yoyamwitsa, ndipo kuno timawatsata. Nyumba imene takupezerani ili kuseri kwa ofesi, ndipo mwini wake amalera ana a anzathu masana. Zimenezi sizikhudza ntchito yanu m'njira iliyonse."

Ndisanalembe mawu amenewo ndinali nditapita kale kwa mwini nyumbayo, chifukwa sindilonjeza chinthu chimene sindinachigwire. Ndi mayi wamasiye wa ku mzikiti, amene amagulitsa zitumbuwa pakhonde, ndipo analera kale ana awiri a kalaliki wathu. Nditawafotokozera kuti mwina kubwera khanda, mwina ayi, anandiyang'ana m'maso.

"Mwana alipo kapena palibe?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Inshallah alipo. Pakhomo pano pazizira."

Imelo iliyonse yotere abwana amayenera kuiona isanapite. Ndi bambo wabwino, sindingawanamizire, koma amaopa mavuto kuposa mmene mbuzi imaopera mvula. Anawerenga akugwedeza mutu, akuseka pa kondakitala paja, mpaka anafika pa ndime ija. Anavula magalasi.

"Mayi, izi zachokera kuti? Mu fayilo mulibe za mwana."

"Mu fayilo mulibenso za phazi lake, koma ndafunsa saizi."

"Musandizungulire. Mlangizi amakhala m'madimba tsiku lonse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati ali ndi vuto anene yekha, ife tisakapute zinthu. Fufutani."

Apa ndinapsa mtima, ndipo ndikapsa mtima ulemu umachuluka. Ndinawafunsa ngati mu ndimeyo muli bodza. Anati mulibe. Ndinawafunsa ngati lamulolo ndapeka ine. Anati ayi. Ndinawakumbutsa kuti alimi athu ambiri ndi azimayi, amawokera mpunga ana ali kumsana, ndipo palibe tsiku limene komiti inawauza kuti asiye ana kwawo. Madimba apafupi ndi a mphindi zochepa panjinga, akutali tikhoza kumamutumizako m'mawa, masana n'kubwerera.

"Bwana, munthu amene akuopa kuti chitseko chimenecho chimutsekera kunja sangachigwire n'komwe. Inuyo mwanena kuti ndi wanzeru kwambiri. Mukufuna atithawe mwezi usanathe, mtima uli ku Mulanje?"

Anatembenuza cholembera m'manja. Kenako anati, "Zikavuta ndi zanu." Ndinati ndavomera. Ndinatumiza imeloyo iwo ali chiimire pomwepo, ndi kope yawo, kuti asakasinthe maganizo podya nkhomaliro.

Yankho linabwera mawa lake. "Zikomo amayi, ndalandira. Ndifika Lamlungu. Saizi ya phazi ndi faifi." Basi. Za mwana ngakhale liwu limodzi.

Sabata imeneyo ndinali wosagwirika. Mwina ndinalakwitsa, mwana analidi wa aneba, ndipo ndakangana ndi abwana pachabe. Zimenezo sizinandidetse nkhawa kwenikweni, manyazi sapha. Chimene chinkandidya n'chakuti mwina ndinalondola, koma mtsikanayo waona ndimeyo ngati msampha, ndipo pompano kwinakwake ku Mulanje akukakamiza khanda supuni ya phala. Kawiri ndinanyamula foni, kawiri ndinaibwezera. Abwana akadutsa ankangoti, "Mlendo wanu uja wanena chiyani?" ine n'kumayang'ana kompyuta.

Lamlungu nditatuluka m'tchalitchi sindinapite kunyumba. Ndinakakhala pa benchi la mayi wogulitsa nthochi pa siteji, ndi yunifolomu yanga ya amayi a mpingo, ambulera m'manja. Mtsikana uja anali atanditumizira uthenga kuti wanyamuka pa boma. Mvula inkawaza pang'onopang'ono. Minibasi yoyamba inatsitsa mabeseni opanda kanthu ndi eni ake ochokera kogulitsa usipa. Yachiwiri sinaime n'komwe.

Yachitatu inaima, ndipo munatsika mtsikana wochepa thupi, wa siketi yakuda, chikwama chachikulu m'manja. Ndinamudziwa ndi mmene ankayang'anira uku ndi uku. Koma ine nkhope sindinayambe nayo, maso anga anathamangira kumsana. Kunalibe kanthu. Ndinati mumtima, Ambuye, wamusiya.

Iye anaika chikwama pansi n'kutembenukira m'galimoto, manja onse awiri atatambasula. Mayi wina wa pampando wa kumbuyo anapatsira bambo wa kutsogolo kwake kamtolo ka shawelo yachikasu, bamboyo anapatsira kondakitala, kondakitala n'kumupatsa iye. Kamtoloko kanali kakukankha ndi timiyendo.

Anabwera kwa ine pang'onopang'ono, mwanayo atamukumbatira zolimba, ngati wina angamulande. Anagwada pang'ono pondipatsa moni, koma maso sanadzutse.

"Amayi, ndinakunamizani."

"Mwayenda bwanji, mwanangu?"

Misozi inayamba pomwepo. Anandiuza kuti amayi ake anali atayamba kale kumuletsa kuyamwa mwanayo, kuti azolowere asanasiyane. Mwana ankakana botolo, ankalira mpaka mawu kutha, iye ali kuseri kwa nyumba atatseka makutu. Imelo ija anawawerengera amayi ake ndime ndi ndime, akumasulira. Amayi akewo anati anthu amene akumbukira neti ya udzudzu ndi kondakitala woiwala sangakhale akuseweretsa munthu pa nkhani ya mwana. Komabe iye anaopa kuyankha, kuti mwina akalemba, abwana aona n'kusintha maganizo iye asanafike.

"Ndiye zimene munalembazo n'zoona, amayi? Mawa sandibweza?"

Ndagwira ntchito zaka zambiri, ndalemba malipoti amene anakondweretsa alendo ochokera kutali, koma palibe chimene ndimanyadira ngati kuti tsiku limenelo ndinali ndi yankho, ndipo yankholo linali loona.

"Wokubwezani ayambe wabweza ine. Majombo anu ali pa desiki, chipinda chasesedwa. Koma munthu uyu wachokera kutali, ali ndi njala."

Anayang'ana anthu a pa siteji, akabaza, mayi wa nthochi, ngati akufuna pobisala. Ndinamukhazika pa benchi, ndinatambasula ambulera pamwamba pawo, ndipo anamasula mabatani a bulauzi. Mwanayo anagwira bere ndi manja onse awiri, n'kuyamba kumeza mokweza moti ndinkamva ngakhale mvula inkagunda pa ambulera.