Mawati a mphwawo

Ophunzira ankawatchula kuti a Zifanane. Zaka makumi atatu akuphunzitsa zamagetsi pakoleji yantchito zamanja, nyimbo yawo inali imodzi: ukamaliza samu ya seketi, njira yoyendamo magetsi, werengera mphamvu imene yatuluka ndi imene yadyedwa, zifanane. Koma pochonga mayeso iwo eni ankangoyang'ana pepala lawo la mayankho. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, amatero akulu, koma a Zifanane sankaona ngakhale mphuno yomwe.

Sabata imene ankapuma pantchito chifukwa cha kukula, akuchotsa katundu mukabati, anapeza pepala la mayeso la mphwawo, mwana wa mlongo wawo, yemwe anamulera okha. Anamulepheretsa ndi mamalikisi atatu zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo ankanyadira kuti sanakondere wachibale.

Funso linali la mabatire awiri, la mavoti 12 ndi la mavoti 6, ndi marezisita awiri ochepetsa magetsi, ya maomu 2 ndi ya maomu 4, zonse mumzere umodzi. Mphwawo anapeza kuti magetsi oyendamo ndi ampu imodzi. Yankho la a Zifanane linkati maampu atatu. M'munsi mwa mtanda wawo wofiira munali mizere imene sanaiwerengepo: batire lalikulu likupereka mphamvu ya mawati 12; laling'ono likutchajidwa, likudya 6; marezisita akudya 2 ndi 4. Zonse 12.

Anayang'anitsitsa chojambula cha funsolo. Mabatirewo anali otsutsana. Chaka chimenecho anakopera funso lakale, ndipo pojambula anatembenuza batire laling'ono, yankho osalisintha. Anatenga pensulo nayesa maampu awo atatu. Lalikulu lokha ndilo linkapereka, mawati 36. Marezisita ankadya 54, laling'ono 18. Anabwereza kawiri, koma sizinafanane. Sanamve chilichonse, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Atakafunsa zokonza mamalikisiwo, mlembi wa mayeso anawauza kuti madandaulo amatha pakapita miyezi itatu. Anathokoza, natuluka.

Mphwawo anamupeza pamalo pomwe amamata matayala, manja ali bii. Iye anawapatsa ndowa yovundikira kuti akhalepo.

"Kwagwanji, malume?"

"Funso lachinayi lija. Unakhoza ndiwe."

Analandira pepalalo ndi zala ziwiri, naliyang'ana pang'ono.

"Ndinkadziwa. Ndinabwera nalo kuofesi kwanu tsiku lomwe lija. Munati pakoleji mulibe mphwanu, n'kuliponya mukabati."

A Zifanane anafufuza tsikulo m'mutu mwawo, osalipeza.

"Ukhoza kulembanso. Ndikuphunzitsa ndekha, nthawi ndili nayo tsopano."

"Ana atatu adya chiyani ine ndili m'kalasi?" Anafunsa mosakwiya konse, ndipo zimenezi n'zimene zinawapweteka.

Galimoto ina inaima, tayala lili phwa. Mphwawo anawabwezera pepala lija, chala chake chitadinda mafuta pamzere womaliza.

"Sungani ndinu, malume. Ine samuyi ndinaimaliza kalekale. Mundibwereke ndowayo, ndiyesere tayalali m'madzi."