Jekete la Mayi Nyirongo

Anthu a pa Kaluluma amanenabe kuti Mayi Faustina Nyirongo anapeka chithunzi chodzisandutsa bwana wa kampani yogula fodya. Buku la misonkhano la kopaletivi ya Tsamba Labwino likunena zina. Patsamba la pa 14 Malichi 2025 anamatapo zithunzi zitatu, ndipo pansi pa chachiwiri, chimene chinautsa mkangano, mlembi analemba kuti mwini nkhopeyo anachikana tsiku lomwe anachiona.

Mayi Nyirongo anabadwira m'banja la alimi a fodya wa bale, ndipo sukulu analekezera Fomu 2. Zaka makumi awiri anakhala akusankha fodya m'chigafa, kulekanitsa masamba motsata mtundu, utali ndi kukhwima kwake. Pamwamba pa diso lawo lamanzere pali chipsera cha mtengo wa chigafa umene unawagwera ali mtsikana. Alimi ankawalemekeza koma sankawakonda, chifukwa belo lililonse ankalipisa dzanja mpaka pakati. Wobisa fodya woipa m'kati mwa wabwino ankabwerera nalo kwawo.

Chaka chimenecho kopaletivi inawasankha kukhala mkulu woona za magiredi, ndipo panafunika chithunzi chawo choika patsamba la kopaletivi la pa intaneti. Jekete analibe. Anapita kwa mlamu wawo Wyson, mng'ono wa amuna awo, amene ali ndi kanyumba kojambulira pa msika. Anapita mmene analili, ndi tisheti yofumbutuka ndi chitenje.

"Musavutike, alamu," anatero Wyson. "Masiku ano pulogalamu ya pa kompyuta imaveka munthu suti. Muchoka pano ngati nduna."

"Ine ndikufuna jekete basi. Zaundunazo ayi."

Wyson sanamvere. Anapereka chithunzi chonse ku pulogalamuyo n'kuiuza kuti itulutse bwana wa mu ofesi. Madzulo ake Mayi Nyirongo analandira pa foni mkazi amene sanamudziwe. Khungu linali loyera ndi losalala, chipsera chinali chitafafanizika, masaya ataphwa. Kumbuyo kunali ofesi ya magalasi, ndipo m'khosi munalendewera chiphaso chokhala ndi zilembo zosawerengeka. Anayankha ndi uthenga wa mawu, ndipo sanawasankhe.

M'mawa mwake anakakhala pafupi ndi Wyson, manja atapinda.

"Chosintha ndi malaya okha. Mungathe kapena simungathe?"

"Koma alamu, ndinakukonzanitu. Amayi ena amachita kupempha."

"Munandikonza kuti ndinawonongeka pati?"

Wyson ananyinyirika, koma anachita. Anabwerera ku chithunzi choyamba, n'kupaka chizindikiro pa tisheti pokha, kuyambira m'khosi mpaka m'mapewa, kuti pulogalamu isinthe pamenepo ndi kusiya kwina konse. Panatuluka jekete lakuda ndi bulauzi yoyera, koma kolala inakhota ngati yomata. Anabwereza kanayi. Mayi Nyirongo anakulitsa chithunzicho n'kuchiyerekeza ndi choyamba, diso ndi diso, khwinya ndi khwinya, mmene amayang'anira tsamba pa kuwala. Khoma la kanyumbako linatsala mmene linalili. Chiphaso panalibe. Anatumiza chithunzicho kwa mlembi pamodzi ndi choyambirira, ndi mawu akuti zovala zokha ndizo zasinthidwa pa kompyuta.

Chimene sanadziwe n'chakuti Wyson, ponyadira luso lake, anali ataika kale chithunzi chokanidwa chija pa sitetasi yake ya WhatsApp ngati chotsatsira malonda. Kumeneko ndi kumene anachipeza a Rabson Tsoka, wachiwiri kwa wapampando, amene mabelo awo awiri Mayi Nyirongo anawabweza chaka chapitacho.

M'dera la fodya, chiphaso cha m'khosi si chokongoletsera. Alimi amakumbukira mavenda amene anayenda m'midzi atavala zotero, akudzitcha nthumwi za kampani, n'kunyamula fodya osabweranso. Pasanathe sabata, nkhani inali ponseponse yakuti Mayi Nyirongo akukonzekera kuchita zomwezo. Amayi a ku chigayo ankasiya kulankhula iwo akafika. A Tsoka anapempha komiti kuti iwachotse pa udindo.

Msonkhano unachitikira m'nyumba yosungira mabelo. Mayi Nyirongo anakhala pa benchi lakutsogolo okha.

"Taonani mzungu wathu," anatero a Tsoka, atakweza foni. "Uyu ndi amene amatiphunzitsa chilungamo. Fodya wathu amapisa dzanja, koma nkhope yake wabisa pakati."

Anthu anaseka. Mayi Nyirongo anadzuka.

"A Tsoka, chithunzi chimenecho munachitenga kwa ine?"

"Nkhope ndi yanu."

"Si yanga, ndipo ndi chifukwa chake ndinachikana. Bambo wapampando, ndiloleni anthu amve."

Wapampando, a Yobe Kamanga, anagwedeza mutu. Mayi Nyirongo anatsegula uthenga wa pa 3 Malichi, ndipo mawu awo anamveka m'nyumba monse: "Alamu, chidole mwanditumizirachi ndi cha ndani? Chipsera changa mwapita nacho kuti? Ndipo chiphasochi mwandilemba ntchito ndinu? Fufutani msanga!" Wyson, amene anaitanidwa ngati mboni, anayang'ana nsapato zake.

A Tsoka sanagonje. "Chabwino. Nanga chimene munavomeracho? Jekete limenelo muli nalo?"

"Ndilibe."

"Mwamva! Bodza ndi bodza."

Apa Mayi Nyirongo anaona kuti funsolo linali ndi mano, ndipo sanalizembe. "Jekete si langa, ndipo ndinamuuza mlembi polemba. Chithunzi cha ukwati wanu, a Tsoka, suti ija inali ya a Kamanga. Mudzi wonse ukudziwa. Kodi amene anakwatira tsiku lija ndi a Kamanga?"

Ulendo uno kuseka kunatembenuka. A Kamanga anakhosomola, n'kulamula kuti zithunzi zitatu zija, zimene mlembi anali atazisindikiza, ziyalidwe pa belo. Komiti inaziona mmene imaonera fodya, aliyense payekha, mosathamanga. Pa choyamba, cha tisheti, ndi chachitatu, cha jekete lakuda, anapeza chipsera, makwinya ndi khoma lomwelo. Pa chachiwiri sanapeze kanthu ka munthu amene ankamudziwa.

"Mlimi akaona ichi, n'kukumana nawo pa msewu, awazindikira," anatero a Kamanga, chala chili pa chachitatu. "Akaona ichi, awapitirira. Ine ndaona zokwanira."

Mavoti asanu anati Mayi Nyirongo akhalebe pa udindo, awiri anati achoke. Palibe anapepesa. Potuluka, a Tsoka ananena mokweza kuti mabelo a Mayi Nyirongo nawonso adzapisidwa dzanja.

"Mudzabwere ndi manja onse awiri," anayankha iwo.

Wyson anawatsatira mpaka pa njinga. "Alamu, ine ndimafuna kukukwezani."

"Mukweze akazi anu."

Pa 17 Malichi 2025 chithunzi cha jekete lakuda chinaikidwa patsamba la kopaletivi, ndi mzere pansi pake wonena kuti zovala zinasinthidwa pa kompyuta. Kuyambira tsiku limenelo, mlembi salandira chithunzi chosinthidwa popanda choyambirira chake, ndipo chokhala ndi chiphaso kapena chizindikiro cha kampani amachibweza. Wyson anafufuta chotsatsira chake, koma m'mafoni ambiri chilipobe. Mayi Nyirongo akadali pa udindo wawo, ndipo m'kanyumba ka mlamu wawo sanalowemonso.