Misozi ya Kulusumu m'mafoni a anthu

Aliyense amene foni yake inagwerapo m'ndowa pa Ulongwe amamudziwa Uladi. Malo ake ndi kabenchi ka pakhonde la golosale, kuyang'anizana ndi pomwe maminibasi amaima. Pamenepo amatchaja mafoni, kusintha magalasi osweka ndi kuthira nyimbo m'makadi. Anabadwira kwa Kalembo, sukulu anailekezera Fomu 2, kenako anapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri a kumeneko. Anabwerako ndi laputopu yakale ndi matama osatha. Munthu akamuonetsa uthenga woti wapambana galimoto pa mpikisano umene sanalowe n'komwe, Uladi ankaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kunena kuti za pa foni zimapusitsa anthu a kumudzi, osati iye.

Kwawo anali munthu wolemekezeka ndithu. Malume awo atamwalira, iye ndiye anakhala mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo. Mwa onsewo ankakonda kwambiri Kulusumu, mlongo wake wamkulu, amene anamulera mayi awo atadwala.

Chaka cha chisankho chitafika, Uladi anatengeka ndi shado wina wofuna uphungu, amene anthu ake ankangomutcha Mwana wa Pakhomo. Mauthenga a shadoyo ankakonza ndi Willard, mnyamata wa ku Balaka wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Uladi anali adimini wa magulu a WhatsApp a kumsika, a mpira ndi a anyamata obwerera ku Joni, ndiye Willard anamugwira dzanja msanga. Uthenga ukafika m'mawa, Uladi ankaumwaza m'magulu onse asanamwe n'tiyi yemwe.

Mkati mwa kampeniyo, mwamuna wa Kulusumu, Che Swaibu, anagwa m'munda wa nandolo ndipo sanadzukenso. Tsiku loika maliro, amuna atanyamula jeneza kupita kumanda, akazi anatsala pakhomo monga mwa mwambo. Uladi analowa m'nyumba kukatenga kofiya yake. Anapeza mlongo wake atakhala pansi, akulira ndi pakamwa ponse, mpango utagwera m'mapewa, tsitsi lili poyera. Dzanja la Uladi linali litazolowera moipa. Anatulutsa foni, n'kujambula, n'kuthamangira anzake.

Patapita masiku, Willard anafika pabenchi paja.

"Bwana adimini, mulibe zithunzi za anthu ovutika? Tikufuna zogwira mtima, zoti munthu akaona asiye kudya."

Uladi ankangopukusa zithunzi ndi chala, Willard n'kumugwira dzanja.

"Icho! Chimenecho ndiye ndiwo."

"Iyayi, amenewo ndi achemwali anga. Anali pamaliro."

"Nanga tilemba dzina? Misozi ndi misozi, achimwene."

Uladi anatumiza. Anadziuza kuti kwa Kalembo mafoni a zithunzi ndi ochepa, ndiponso kuti akuthandiza dera lake. Chithunzicho chitabwerera kwa iye chili ndi mawu aakulu ofiira pamwamba, anazengereza pang'ono, koma anachimwazabe m'magulu ake onse.

Loweruka lina m'mawa kunali msonkhano m'kalasi ya sukulu ina pafupi ndi msika. Anauitanitsa ndi Madamu Martina, mphunzitsi wa kusekondale amene ankadziperekanso kuphunzitsa anthu za chisankho. Kunabwera mashehe, akuluampingo, amayi a mabanki a m'mudzi ndi atsogoleri a pamsika, a zipani zonse. Uladi anamuitana chifukwa cha laputopu yake, kuti aziwonetsa zithunzi pakhoma ndi pulojekita. Madamu anamupatsa fulashi, iye osaiyang'ana n'komwe, poti anali wotanganidwa ndi kuonetsa anthu kuti mawaya amawadziwa.

Madamu anayamba ndi kuyesa anthu. Anaima kutsogolo n'kunena mokweza kuti, "Kuchipatala..."

"Atitaya!" kalasi yonse inayankha.

"Pa feteleza..."

"Atitaya!"

"Mpaka liti?"

Anthu anaseka, chifukwa mawuwa anali a m'mauthenga a Mwana wa Pakhomo onyoza phungu wa deralo, koma ena mwa oyankha mokwezawo anali a chipani cha phunguyo. Bambo wina wa mpingo anadzigwira pakamwa ngati wameza ntchentche.

"Mwaona?" anatero Madamu. "Palibe anakuphunzitsani, koma mwaloweza. Mawu ukawamva m'mawa, masana, madzulo, amazolowereka m'khutu, ndipo chozolowereka chimamveka ngati choona. Sindikuti mankhwala sakusowa, mwina akusowadi. Koma uthengawu wakuuzani chipatala chiti? Mankhwala ati? Amene atitayawo ndani? Nanga Mwana wa Pakhomoyo akalowa adzachita chiyani?"

Uladi ankadina batani, uthenga n'kubwera, wina n'kubwera. Madamu anaonetsa kuti yonse imayenda njira imodzi: iyamba ndi chisoni, ikwezere mkwiyo, kenako kumapeto nkhope yomwetulira ya Mwana wa Pakhomo, kuti munthu apumire pa iye. Anaonetsanso uthenga umodzi umene anautola m'magulu osiyanasiyana, uliwonse ukuoneka ngati dandaulo la munthu wamba. Monsemo mawu oti chipatala analembedwa molakwika chimodzimodzi, "chipatla."

"Mumayesa dera lonse likulankhula," anatero, "pamene ndi chala chimodzi."

A mbali inayo sanawasiye. Anaika mauthenga a phungu wa deralo, onse otha ndi mawu oti "Mukasintha, mulira," ndi zithunzi za nkhokwe zopanda kanthu. Awa amagwiritsa mkwiyo, awo amagwiritsa mantha, koma khasu lake n'limodzi. Uladi ankagwedeza mutu movomereza ngati zonsezo anazidziwa kale.

"Chotsatira, achimwene," anatero Madamu.

Anadina. Pakhoma lonse panadzaza nkhope ya Kulusumu, yaikulu kuposa chitseko, pakamwa pali yasa, tsitsi lili poyera. Pamwamba panali mawu ofiira aja: NJALA YAWALIZA AMAYI ATHU. ATITAYA. MPAKA LITI?

Madamu sankamudziwa mayiyo. Anapitiriza ntchito yake bwinobwino.

"Ichi ndiye chayenda kwambiri kuposa zonse. Mukachiona mukumva chiyani?"

"Chisoni," anayankha wina kumbuyo.

"Eya. Tsopano tiphimbe mawuwo, tiyang'ane chithunzi chokha. N'chiyani pano chikutiuza kuti ndi njala? Kodi si mawu ofiirawa amene akutiuza zoti tione?"

Mayi wina wa banki ya m'mudzi, Ayisha, wochokera kwa Kalembo, anaimirira pang'onopang'ono akukoka mpango wake.

"Madamu, pepani. Imeneyo si njala iyayi. Amenewo ndi akazi a malemu Che Swaibu. Taonani kumbuyoko, si matumba a chimanga awo atsamira khoma? Pamenepo n'kuti jeneza likutuluka."

Shehe wina wachikulire anaweramitsa mutu kuti asayang'anenso pakhoma.

"Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire," anatero chapansipansi. "Mayi ameneyu ali pa eda. Miyezi imeneyi ya kulira mwamuna sayenda pagulu, sadzionetsa kwa amuna achilendo. Ife takhala naye m'matumba mwathu, wopanda mpango. Zimitsani, chonde."

Zala za Uladi zinasochera pa laputopu imene ankaidziwa ngati chikhatho chake. M'malo mozimitsa, anakulitsa chithunzicho.

Madamu anapepesa kwa onse, nkhope itagwa. Koma Ayisha anali asanamalize.

"Ine changa n'chimodzi. Wojambulayo anaima m'kati mwa nyumba, osati pazenera. Tsiku limenelo m'menemo munali ife akazi okhaokha, ndipo panalibe wa foni yojambula. Mwamuna analowamo ndi mmodzi."

Sanatchule dzina, ndipo panalibe chifukwa. Mitu inatembenukira kwa munthu wa mawaya, wina n'kuyang'ana, wina n'kuyang'ana kumbali. Uladi analakalaka akanamutukwana kapena kumumenya khofi. Manyazi anamugwira kwambiri. Anazula waya pakhoma, nalongedza katundu wake.

Panja anayesa kufufuta chithunzicho m'magulu ake, koma nthawi yofufutira onse inali itadutsa kalekale. Anaimbira Willard.

"Chotsani chithunzi chija, amwene. Chandiyalutsa."

"Pa peji ndichotsa, palibe vuto," anayankha Willard mosadandaula. "Koma chili m'mafoni a anthu ndichotsa bwanji? Ndiye chagwira ntchito, bwana adimini, anthu mpaka ku Joni akulira nacho."

Masana omwewo Uladi anakwera kabaza kupita kwa Kalembo. Njira yonse ankakonza mawu, akuganiza kuti nkhaniyo aiyambe yekha isanafike ndi Ayisha. Anapeza Kulusumu kuseri kwa nyumba, m'kati mwa mpanda, akusola nandolo m'lichero. Anali ataonda, mpango wakuda atamanga mpaka pamphumi.

"Salaam aleikum, achemwali."

"Aleikum salaam. Khalani, achimwene."

Anakhala pa mtondo wogubuduzika.

"Achemwali, pali chimene ndinalakwa. Tsiku la maliro..."

"Ndinachiona."

"Liti?"

"Kalekale. Apongozi anga anabwera nacho, mdzukulu wawo atawaonetsa. Anandifunsa ngati mwana wawo ankandigoneka ndi njala, kuti ndikalire m'mafoni mtembo wake usanazizire." Anapitiriza kusola, osakweza mutu. "Ndinawauza kuti sindikudziwa anajambula."

"Koma munkadziwa."

"Ndinakuonani mutaima pakhomo. Ndinayesa mwabwera kudzandigwira dzanja."

Uladi anagwetsa misozi, bambo wamkulu ndi ndevu zake. Ananena kuti anali chitsiru, kuti apita kwa apongoziwo kukagwada, kuti alemba m'magulu onse kuti sinali njala.

"Kwa apongozi pitani," anatero Kulusumu. "Koma m'magulumo musalembenso za ine, ndayenda mokwanira. Ndipo pa sadaka ya malemu, woyankhula m'malo mwa mbumba yathu adzakhala Akimu, mwana wa mayi aang'ono. Inu mudzangobwera kudzadya ngati wina aliyense."

"Achemwali, mwini mbumba ndine."

"Eya, ndinu. N'chifukwa chake akazi aja sanakuletseni kulowa."

Anapeta nandolo kamodzi, makoko n'kuuluka. Kenako anamuyang'ana koyamba chifikireni.

"Za tsitsi ndikanapirira, Uladi. Koma bambo aja anandisunga bwino, sindinagonepo ndi njala m'nyumba mwawo ngakhale tsiku limodzi. Ndinawalira kamodzi kokha ndi mtima wanga wonse, ndipo kulira kumeneko inu munakapatsa munthu wina."