Chimanga cha a Frackson Chosaopa Ng'amba

A Frackson Chimphonda anali mlangizi wa zaulimi ku bungwe lina lothandiza alimi ku Kabudula. Nthaka ndi mbewu ankazidziwa bwino, pakamwa panali pokoma, koma sikelo ankadana nayo. Ankati maso awo amayeza bwino kuposa chitsulo.

Chaka choyamba, munda wachitsanzo wa mbewu yatsopano unatulutsa matumba 47. Mlangizi mnzawo, Rute, anajambula eni munda, mayi Zelifa, ataima pakati pa chimangacho. A Frackson anaika chithunzicho m'lipoti osatchula wojambula, ndipo mabwana anawayamikira. Chaka chachiwiri njinga yawo yamoto inafa nthawi yokolola, iwo n'kungosintha deti pa lipoti lakale. Chachitatu kunagwa ng'amba, chimanga chinapserera, koma papepala matumba anakhalabe 47.

Tsiku lina anaitanidwa ku ofesi ku Lilongwe. Anavala jekete, poganiza kuti akukakwezedwa. Anapeza mayi Tisiyenji, oyendera ntchito za bungwelo, atayala malipoti atatu patebulo.

“Bambo Chimphonda, kodi mayi awa munawaperekeza kuchipatala?” anafunsa mayi Tisiyenji, akuloza mayi Zelifa pachithunzi.

“Akudwala?”

“Ali ndi pakati chaka chachitatu tsopano. Chitenje chomwecho, dzanja pachiuno pomwepo.”

A Frackson anayang'ana zithunzi za m'malipotiwo. Mwana wa mimba imeneyo ankamudziwa: anali atayamba kale kuthamangitsa nkhuku.

“Munda ndi womwewo, mayi,” anatero motsitsa mawu. “Ndimati ndisavutitse kamera.”

Mayi Tisiyenji sanaseke.

“Chithunzi chakale sitikaniza. Mukanalemba chaka chake ndi dzina la Rute, bwenzi palibe mlandu. Koma inu mwachiika ngati umboni wa chaka chino. Nanga matumbawa anayeza ndani?”

“Ndinayerekeza.”

“Mukanalemba kuti mwayerekeza. Ife tinakhulupirira kuti mbewuyi imapirira ng'amba, ndipo tinali pafupi kuigawa ku Nsaru ndi ku Nambuma. Anthu akanadya manambala anuwa, eti?”

Apa mpamene a Frackson anachita manyazi enieni, chifukwa ku Nambuma kunali mlongo wawo ndi ana asanu.

Komiti yosungitsa mwambo inawaimitsa ntchito miyezi iwiri. Malipoti awiri abodza aja anachotsedwa, ndipo iwo analemba kalata yovomera kulakwa ndi ina yopepesa Rute. Yachiwiriyo anailemba kanayi, chifukwa Rute ankaibweza kuti mawu oti “pepani” sakuoneka bwino.

Nkhaniyo inafika kumudzi iwo asanatsike minibasi. Ntchito anabwererapo, ndipo anaigwira mpaka kupuma. Koma kumpingo, kumene ankalengeza chiwerengero cha obwera kudzapemphera, zinthu zinasintha. Akangoti, “Lero tasonkhana anthu 212,” makosi onse ankatembenuka, milomo ikugwedera: aliyense akudziwerengera yekha.