Mapazi Khumi ndi Awiri

Amuna anga atamwalira, anandisiyira ana awiri ndi nyumba ya zidina ku Cuamba, ya zipinda ziwiri, yofolera malata. Njanji inali itangofika kumene, ndipo antchito ake ankasowa pogona. Ndinaganiza zoikamo munthu wa lendi, ine ndibwerere kwathu ku Ngauma ndizikalima. Koma ndinene ndalama zingati pamwezi? Ndikakweza, nyumba ikhala yopanda munthu. Ndikatsitsa, ana anga avala chiyani?

Ndinayamba ndi kufunsa eni nyumba a m'dera lathu lomwelo. Eni nyumba ndi abodza, ndikunena ine amene ndinali mmodzi wa iwo. Amatchula mtengo umene amaulota, osati umene amalandira. Choncho ndinatenga lichero la mtedza n'kumagulitsa khomo ndi khomo, ndikucheza ndi akazi a alendi. Wina anati amalipira maesikudo makumi atatu, koma nyumba yake inali yaudzu. Wina anati makumi asanu ndi limodzi, koma iyo inali ndi chitsime pakhomo ndiponso inali pafupi ndi siteshoni. Yanga inali pakati pa ziwirizi. Ndinafunika kupeza yofanana nayo ndithu.

Ndinaipeza kuseri kwa msika: zidina, malata, yopanda chitsime. Mwini wake anali bambo wina wachiyao wogulitsa nsomba zouma, ndipo munkakhala banja la munthu wa kunjanji. Ndinaodira kawiri, osayankhidwa. Apa ndi pamene ndinachita chopusa. Kuti ndidziwe ngati kukula kwake kukufanana ndi yanga, ndinatula lichero n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa khoma, ndikuwerenga mapazi chamumtima, milomo ikugwedera. Nditafika pangodya ndinayang'ana kudenga, ndikuloza malata ndi chala limodzilimodzi.

Sindinadziwe kuti m'nyumbamo munagona mwana wodwala malungo, amake atamufungatira. Mayiyo anandiona pazenera. Anatuluka akukuwa m'Chilomwe, ndipo mawu amene ndinawamva bwino anali amodzi okha: mfiti.

Anthu anadzaza pabwalo nthawi yomweyo. Wina anakankha lichero langa ndi phazi, akufuna mankhwala pansi pa mtedza. Ndinali mlendo, wamasiye, wopanda mlongo m'tauni monsemo. Ndinachita mantha amene sindinawachitepo ngakhale tsiku la maliro a amuna anga.

Mwini nyumba anabwera kuchokera kumsika, manja akununkha nsomba.

"Mayi, mumatani pakhoma langa?" anandifunsa.

"Ndimayeza, bambo. Ndili ndi nyumba ngati yomweyi, sindikudziwa lendi yake."

"Ngati mumayezadi, nenani zimene mwapeza."

"M'litali mapazi khumi ndi awiri. Malata asanu ndi atatu mbali ino. Mbali inayo sindinafike."

Bamboyo anayenda yekha m'mbali mwa khoma, akuwerenga. Anapeza khumi ndi limodzi. Kenaka anayang'ana miyendo yake, n'kuyang'ana yanga.

"Ine ndine wamtali," anatero. Anawerenga malata, anakwana. "Uyu si mfiti, ndi mwini nyumba mnzanga. Awa amandipatsa makumi asanu, mayi. Yanu ili kuti?"

Ndinamuuza. Anati popeza yanga inali kutali pang'ono ndi msika ndiponso chimbudzi chake chinali chaudzu, ndichotsepo asanu. Anthu anayamba kubalalika, ena akuseka. Amake mwana sanaseke.

"Mwazungulira nyumba yanga mwana ali chigonere," anatero m'Chinyanja chodukaduka. "Pakhomo panu tikupadziwa."

Masiku anayi otsatira sindinadye bwino. Kuchitsime akazi ankasuntha mitsuko yawo ndikafika. Ndinapempherera mwana amene sindinamuonepo nkhope kuposa mmene ndinkapempherera anga. Munthu mmodzi anabwera kudzaona nyumba, ndinamuuza makumi anayi ndi asanu, iye anati mtengo ndi wabwino, abweranso mawa. Atafunsa kwa anansi anga sanabwerenso.

Tsiku lachisanu m'mawa, ndikusesa pabwalo, ndinamva kulira kwa maliro kuchokera kuseri kwa msika. Sindinafunse munthu. Ndinasiya tsache pomwepo, n'kumanga zovala m'nsalu imodzi, mwana wamng'ono kumsana, wamkulu padzanja. Kiyi ndinakamusiya pa mulu wa nsomba wa bambo uja. Sanandifunse kanthu, anangondilozera lole yopita ku Mandimba, njira ya kwathu, imene inali kupakira matumba a mchere. Njira yonse ndinakhala chogwada pakati pa matumbawo, osadzutsa mutu.

Patapita miyezi itatu, bamboyo ananditumizira uthenga ku Ngauma kudzera mwa wamalonda mnzake. Anati nyumba yanga walowamo mlendo wotsika sitima, wosadziwa chilichonse cha m'deralo, ndipo wavomera makumi anayi ndi asanu osanenerera. Mtengo ndinaupeza wolondola. Ku Cuamba sindinapondekonso, ndipo dzina la mwana uja sindinalidziwe mpaka lero.