Ndime Imene Amalume Ankafuna Ndichotse

Ndinalowa yunivesite ndili wamkulu kale, anzanga a m'kalasi ali amsinkhu wa ana a chemwali anga. M'mawa ndinkasamalira okalamba pa nyumba ina ku North York, kuno ku Canada, masana nkukwera sabuwe, sitima ya pansi pa nthaka, kupita ku maphunziro, madzulo basi ya ku Brampton. Kumeneko ndinkakhala m'besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba ya amalume anga, alongo awo a mayi. Iwo ndi amene anandilandira pa bwalo la ndege, nandigulira jekete yoyamba ya chisanu. Kwathu anagwira ntchito zaka zambiri pa kampani ina yakunja yogula fodya, ndipo kuno ankayang'anira zotumiza katundu pa weyahausi, nyumba yaikulu yosungiramo katundu. Anali munthu wowerenga, wa Chingerezi chosalala.

Temu ina aphunzitsi athu, mayi wa imvi zake wosakonda kumwetulira, anatipatsa chimangirizo. Tinayenera kufotokoza mmene ganizo lotchedwa dependency theory limalongosolera chifukwa chimene maiko ogulitsa kunja zinthu zosakonza, monga fodya, tiyi, khofi kapena mkuwa, amakhalabe osauka mibadwo ndi mibadwo. Anzanga ankadandaula kuti mabuku ake ndi akale komanso ouma. Ine ndinkawerenga ngati munthu wina anasuzumira m'chigafa cha bambo anga ku Kasungu.

Ganizolo limanena kuti umphawi wa maiko amenewa si kuchedwa pa ulendo, ngati kuti onse tili pa msewu umodzi koma ena ananyamuka m'mamawa. Limati olemera ndi osauka anapangidwira pamodzi. Atsamunda anatiika pa ntchito yolima ndi kukumba, njanji nkuilozetsa ku doko, mafakitale nkukhala kwawo. Ufulu unabwera, mbendera inasintha, koma ntchito ija inatsala momwemo. Tsamba limachoka kwathu lili tsamba, likakhala ndudu kwina, ndipo phindu lalikulu limatsalira komwe kwapangidwira nduduko. Ogulitsa ndi ambiri, m'maiko ambiri, ogula ndi ochepa. Anthu akalemera sawonjezera kwambiri tiyi amene amamwa, amagula galimoto ndi makina, choncho pakapita zaka zambiri mtengo wa zolima umatsalira m'mbuyo poyerekeza ndi wa zopangidwa m'fakitale. Mtengo ukagwa chaka china, ndalama zakunja zimasowa, boma limakongola, ndipo kuti libweze limauza alimi kuti alime mbewu yomwe ija mochuluka. Ndinalemba zonsezi ndikuona bambo anga akukonkha madzi pa masamba kuti afewe, ife ana tikusoka ndindi manja ali bii ndi utomoni, ndiponso nkhope yawo pobwera ku okushoni chaka chimene belo lawo labwino linagulidwa ngati zinyalala.

Panalinso ndime ina. Ganizoli silinena za azungu okha. Limati dongosolo lotere silingakhalitse popanda anthu a m'dziko momwemo amene amadya nawo: andale, eni minda ikuluikulu, ndi aja amene amaimira makampani akunja pogula. Kwa iwo zinthu zikuyenda bwino mmene zililimu, ndiye alibe chifukwa chozisinthira. Ndinailemba ndimeyo mosamala, osatchula munthu kapena kampani.

Loweruka lina masana ndinakwera pamwamba ndi mapepala anga kukapempha amalume kuti andionere Chingerezi. Anti, akazi awo, anali kukhitchini. Amalume anavala magalasi, natenga cholembera chofiira, nayamba mokondwa. Anakonza mawu angapo, akung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi. Atafika tsamba lachitatu anasiya kuimba.

"Iwe, zimenezi akuphunzitsabe? Ife tinaziwerenga tili anyamata. Ndi nyimbo ya anthu odandaula. Korea inali yosauka ngati ife, lero ikutigulitsa mafoni. Canada yomwe ukukhalayi imagulitsa matabwa, tirigu, mafuta osayenga. Yasauka?"

Ndinati, "Zimenezo ndiziyankha m'gawo lomaliza, amalume."

Anapitiriza kuwerenga. Kenaka cholembera chinaima, nachigoneka pa tebulo.

"Awa oimira makampani, odya nawowa, ukunena ndani?"

"Ndikunena gulu la anthu, osati munthu."

"Gulu limenelo ine ndinalimo. Ndinkayenda pakati pa mabelo, ndikuika mtengo. Ukufuna aphunzitsi ako adziwe kuti ukugona m'nyumba ya wakuba?"

"Mawu akuti wakuba mulibe m'menemo."

"Usandiphunzitse kuwerenga. Sukulu imene mayi ako anakutumiza, yunifolomu, nsapato, unkaganiza zinkagwa kumwamba? Kampani yomweyo inamanga zipatala, inalemba anthu ntchito. Ikanachoka, fodya wa bambo ako akanagula ndani? Uchotse ndime imeneyi. Ulembe za katangale wa andale, aliyense akugwirizana nazo."

Anti anatulukira pakhomo la khitchini ndi kansalu m'manja, nandiyang'ana ndi maso ondipempha kuti ndivomere, nkhani ithe. Kukanakhala kosavuta. Aphunzitsi sakanadziwa nkomwe kuti panali ndime ina. Koma popanda ndimeyo chimangirizo chikananama. Chikanakhala ngati chikunena kuti zonse anatichitira ndi alendo, ife tili manja lende, pamene ganizolo silinena choncho. Komanso, ndinene zoona, funso lawo lija linandiwawa. Akanagula ndani? Nkhani yake inali yomweyo. Bambo anga analibe kwina kopita, ndipo aliyense pa okushoni ankadziwa zimenezo.

"Sindichotsa," ndinatero, mawu anga atakwera kuposa mmene ndinkafunira. "Mukufunsa kuti akanagula ndani. Chimangirizo chonsechi chikuyankha funso limenelo, chifukwa chake dziko lonse lilibe wina woligula. Inu munkaika mtengo, bambo anga ankangolandira. Zimenezo sindinapeke ine."

Amalume anavula magalasi, naimirira, nakwera kuchipinda kwawo. Mapepala anatsala pa tebulo. Anti anangoti, "Mwana iwe," nabwerera kukhitchini.

Masabata otsatira m'nyumba munali zii. Ndikapereka moni ankayankha ndi mutu. Lamulungu ankanyamuka kupita ku mapemphero osandiitana, ine nkumakwera basi. Ndinayamba kufunsa anzanga za zipinda zotchipa ku Oshawa, ngakhale kutaliko kunkandiopsa.

Komabe mafunso awo awiri aja, la Korea ndi la Canada, sanandisiye. Ndinapita kwa aphunzitsi pa nthawi yawo yoonana ndi ophunzira, ndinawafunsa ngati mafunsowo akugwetsa ganizo lonse. Iwo anati, "Amene wakufunsayo wakuthandiza. Usawabise mafunsowo, uwaike poyera, uone chimene chitsale chili chilili."

Ndinakhala m'laibulale masana angapo, chipale chofewa chikugwa panja. Ndinalemba kuti Korea ikutsutsadi aja amene ankati dziko losauka silingatuluke ngati silidula ubale ndi olemera. Inatuluka ikugulitsa kwa olemera omwewo. Koma sinatuluke pongogulitsa zolima nkumadikira msika. Boma linagawa malo kwa alimi, linateteza mafakitale ake ali akhanda, linawakakamiza kupanga zogulitsa kunja, ndipo maiko olemera anaithandiza pa zifukwa zawo za ndale. Za Canada ndinalemba kuti kugulitsa zosakonza pakokha si temberero. Funso ndi lakuti phindu limatsala kuti, ndipo limabala chiyani. Kuno tirigu ndi matabwa zinadzetsa mabanki, zigayo, mafakitale a makina a ulimi ndi malipiro oti wantchito nkugula zopangidwa konkuno, ngakhale kuti eni nthaka oyamba anakankhidwira pambali. Kwathu fodya anadzetsa matenanti. Ndinavomerezanso poyera kuti ganizoli limafooka pofotokoza chifukwa chimene maiko awiri ogulitsa zofanana amasiyanira, ndi kuti atsogoleri ena aligwiritsa ntchito ngati chobisalira. Ndime ija sindinaikhudze. Ndinangokonza mpatuliro umodzi umene amalume anauzunguliza asanakwiye, chifukwa pamenepo ananena zoona.

Tsiku lopereka litayandikira, mayi anaimba kuchokera ku Kasungu. Nkhani inali itawapeza kale.

"Ndamva kuti watukwana amalume ako m'nyumba mwawo."

"Sindinawatukwane, amayi. Ndinalemba za sukulu, iwo anadziona m'menemo."

"Za sukulu kapena za chiyani, unakweza mawu?"

"Ndinakweza."

"Ndiye ukapepese. Munthu uja anakulandira kudziko la eni."

"Za mawu ndikapepesa. Koma zimene ndinalemba sindichotsa."

Ndinkamva nkhuku ndi wailesi kumbuyo kwa mayi. Kenaka anati, "Zolembazo ndi zako ndi aphunzitsi ako, ine sindizidziwa. Ine ndikunena za mwambo."

Ndinapereka chimangirizo Lachisanu. Loweruka m'mawa ndinawapeza amalume pabalaza akumwa tiyi, anti ali pambali pawo. Ndinagwada pa kapeti monga tinaphunzitsidwira, mawondo akulira chifukwa cha ntchito yonyamula okalamba.

"Amalume, ndabwera kudzapepesa. Ndinakuyankhulani mokweza, m'nyumba mwanu, pamaso pa anti. Sizinali bwino."

Amalume anati, "Ndamva. Nanga ndime ija?"

"Ilimo. Ndinapereka dzulo."

Anti anatseka maso. Amalume anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye wapepesa chiyani?"

"Mawu okweza. Zinazo ndikanenanso lero, koma motsitsa."

Amalume sanaseke, sanakalipe. Anati ndidzuke, mawondo angathyoke. Kenaka ananena, akuyang'ana pawindo, kuti iwo sanabepo munthu, kuti mtengo wokwera kwambiri umene akanatha kupereka ankauzidwa m'mawa uliwonse ndi mabwana amene nawonso ankauzidwa ndi ena kunja, ndipo akanaudumpha akanachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, nkulowapo wina. Ndinati ndikuwakhulupirira, ndipo zimenezo nzimene ndimeyo ikunena, kuti vuto si mtima wa munthu woimirira pa belo. Anati ayi, ndimeyo ikunena kuti iwo ankadya nawo. Ndinati inde, ikunenanso zimenezo, ndipo ine ndinadya nawo kudzera mwa iwo, koma sichifukwa choti ndisalembe. Apo anatenga rimoti nayatsa TV.

Chimangirizo chinabwera ndi malikisi abwino, osati apamwamba. Aphunzitsi analemba kuti gawo la Canada linali lopyapyala, ndipo ankanena zoona. Amalume sanafunse za malikisiwo, inenso sindinawauze. Chisanu chitatha ndinasamukira ku Oshawa. Iwo ndi amene ananyamula katundu wanga pa galimoto yawo, ndipo msewu wonse wa 401 tinakangana za kugwa kwa kwacha, iwo akuti ndi andale, ine ndikuti andalewo ndi mbali imodzi chabe. Atatsitsa sutikesi yomaliza anandiuza kuti ndine wamakani ngati mayi anga, ndipo temu yamawa ndisawabweretserenso zolemba zanga. Ndinawauza kuti ndibweretsa.