Nambala 4 ya azakhali anga

Azakhali anga, mlongo wa bambo, anagwira ntchito ya ulembi pasukulu yathu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ofesi yawo inali kachipinda ka windo limodzi, kabati ya chitsulo yosatsekeka bwino, ndi taipilaita imene chilembo chake cha e chinkadumphira m'mwamba. Ana tinkawatcha Mayi Rula, chifukwa ngakhale mzere wa pansi pa deti ankaulemba ndi rula. Sanakwatiwe, sankaseka ndi aliyense, ndipo anthu ankati munthu wotere ali ndi chimene akubisa.

Chaka chimene ndinkamaliza pulaimale, bungwe lina linalonjeza kuphunzitsa ana atatu oyambirira kusekondale yogonera konko. Malo atatu basi. Mnyamata wina anapeza malikisi 91. Mwana wa mwini golosale ndi mwana wa namwino anafanana, onse 88. Ine 85.

Palipoti langa aphunzitsi athu analemba kuti ndine nambala 3. Bambo, amene anali kalipentala, tsiku lomwelo anayamba kundikhomera bokosi lopita nalo kusukulu. Koma Lolemba pabolodi panakhomedwa ndandanda yotaipidwa ndi e wodumpha uja: 1, 2, 2, 4. Nambala 3 panalibe. Ine ndinali 4.

"Nambala imasowa ngati nkhuku?" anatero bambo. "Wina waidya."

Ndiye anthu anayamba kukumbukira zinthu. Wina anaona azakhali akutsika m'galimoto la mwini golosale. Wina anati ambulera yawo ndi yatsopano. Amayi anati kuyambira kale mlamu wawoyo sankawafuna. Inenso, ndisaname, ndinkayang'ana nsapato zawo kuona ngati n'zatsopano.

Bambo anandikokera kuofesi ya ahedi, utuchi uli m'tsitsi. Ahedi anaitana aphunzitsi a masamu kuti aweruze, koma iwo anabwera ndi pepala lawo lachitatu: 1, 2.5, 2.5, 4. Abale inu! Bambo anaimirira.

"Tsopano mwayamba kudula ana pakati? Theka linalo mwapatsa ndani?"

Aphunzitsiwo anati ana awiriwo akhala pa malo achiwiri ndi achitatu, ndiye iwo amaphatikiza 2 ndi 3 n'kugawa pawiri. Bambo anati mapepala atatu a mayeso amodzi ndi umboni wokwanira kuti muno muli akuba.

Azakhali analowa osafulumira. Anayala mapepala atatuwo patebulo n'kuwalinganiza m'mphepete.

"Achimwene, palibe wanama. Aphunzitsi a mwanayu sadumpha nambala. Ofanana amawapatsa 2, wotsatira 3, kuti makolo asangalale. Iwo amawerenga malikisi osiyana, ndipo 85 ndi achitatu kukula. Ine ndimawerenga ana. Awiri akakhala pa 2, mpando wachitatu watha kale. A masamuwanso, onani, amuika pa 4."

"Achemwali, ambulera ija munagula kuti?" anatero bambo.

Ahedi anatsokomola. Iwo sankafuna phokoso. Anati kalata ya bungwe ikungonena nambala 1 mpaka 3, choncho azakhali ataipenso ndandanda motsatira malipoti, 1, 2, 2, 3, malikisi osaonetsa. Mayina anayi akafika kumeneko, bungwelo likaona lokha chochita. Mwina likaonjezera malo, mwina likasiya mmodzi mwa ofananawo, chifukwa munthu wothamanga amatenga 1, 2, 3 n'kutseka failo.

Ndinkafuna azakhali atero. Ndinkafuna kwambiri, ngakhale ndinkadziwa kuti wosiyidwayo akhoza kukhala mwana wa namwino, amene tinkakhala desiki imodzi.

Azakhali anatembenukira kwa ine, koyamba chilowereni m'chipindamo.

"Iwe, usayang'ane bambo ako. Ana amene anakuposa malikisi ndi angati?"

Mpaka lero sindidziwa ngati anandifunsa chifukwa chondilemekeza kapena pofuna kudzipulumutsa, kuti mpeniwo ndiugwire ndine. Ndaganiza zonse ziwiri, ndipo pamaliro awo ndinali ndisanasankhe. Chimene ndikudziwa n'chakuti funso lawo linali la mwana wa Sitandade 1, ndipo akuluakulu anayi ankandidikira.

"Atatu," ndinatero.

Bambo anasiya dzanja langa. Anatuluka okha, chitseko osatseka, ndipo sanalankhulenso ndi mlongo wawo mpaka imfa. Azakhali anatola pepala lawo n'kubwerera kukachipinda kawo. Ahedi anandiuza kuti ndikhoza kubwerera m'kalasi, ndipo ndinapita kukakhala pafupi ndi mwana wa namwino, amene anandifunsa ngati ndikudwala.